Rauta yapita pa WPA3, chipangizo chakale chikukana waifai: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anthu amene ndimawathandiza za netiweki kunyumba ndi m'mashopu ang'onoang'ono, ndiye ndaona kuti bola ndiwayankhe pamodzi. Nkhani imayamba mofanana nthawi zonse: rauta yatsopano yabwera, kapena yakale yomweyo yapanga apudeti usiku, kapena wina walowa mu setingi n'kusankha WPA3, njira yatsopano yotetezera waifai, poti anamva kuti ndi yolimba. Mafoni atsopano akulowa bwinobwino koma pulinta, laputopu ya kalekale, kamera ya pageti kapena foni ya agogo yangoti zii.

Pasiwedi ndi yomweyo sindinasinthe, nde bwanji chikuti ndi yolakwika?

Pasiwedi yanu ilibe vuto, musavutike kuilembanso kakhumi. Chimene chasintha ndi njira imene rauta ikufuna kuti chipangizo chisonyezere kuti pasiwediyo chikuidziwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukalemba pasiwedi, foni imaitumiza kwa rauta, rauta n'kuiwerenga n'kunena kuti lowa. Sizikhala choncho, pasiwedi siyenda mumphepo ayi. Mbali ziwirizi zimapanga masamu pogwiritsa ntchito pasiwediyo, kenako zimatumizirana zotsatira zake, zikagwirizana ndiye kuti onse ali ndi pasiwedi imodzi. Tsono masamu a WPA2 ndi ena, a WPA3 ndi enanso. Chipangizo chimene chinapangidwa WPA3 isanabwere chimangodziwa masamu akale, rauta ikukana masamu akalewo, basi zokambirana zathera pompo pasiwedi isanayesedwe n'komwe.

Chosokoneza ndi uthenga umene chimakupatsani. Pulogalamu ya m'chipangizo chakale ilibe mawu onena kuti "chitetezo ichi sindikuchidziwa" chifukwa amene anailemba sankadziwa kuti kudzabwera chotere. Ndiye imangotulutsa uthenga umene ili nawo pafupi, pa Android yakale mumaona `Authentication problem` kapena imangokhala pa `Saved` osasuntha, pa Windows `Can't connect to this network`, kwina `Incorrect password`. Uthenga womalizawu ndi umene wachititsa anthu ambiri kusintha pasiwedi pachabe, kenako zipangizo zonse za m'nyumba zatuluka ndipo ntchito yakula kuposa poyamba.

Nanga WPA2 ndi WPA3 zikusiyana pati kwenikweni, kuti mpaka zisamvane?

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa mukamvetsa apa zotsalazo n'zosavuta.

WPA2 inabwera mu 2004, ndipo kuyambira 2006 chipangizo chilichonse chofuna chiphaso cha Wi-Fi Alliance, bungwe limene limayesa zipangizozi, chinkayenera kukhala nayo. Ndiye pafupifupi chilichonse chimene muli nacho m'nyumba chimaidziwa. Mmene imagwirira ndi motere: pasiwedi yanu imasakanizidwa ndi dzina la netiweki maulendo 4096 kuti patuluke kiyi mmodzi wamkulu, ndipo kiyi ameneyu sasintha mpaka mutasintha pasiwedi kapena dzina. Chipangizo chikafuna kulowa, icho ndi rauta zimatumizirana mauthenga 4, moni wake wa WPA2 ndi ameneyo. Vuto lake ndi lakuti munthu amene ali panja pa mpanda atha kujambula mauthenga amenewa mumphepo, n'kupita nawo kwawo, n'kuuza kompyuta kuti iyesere mapasiwedi mamiliyoni mpaka ina igwirizane. Rauta yanu siidziwa kalikonse poti zonsezi zikuchitikira kutali. Pasiwedi ikakhala dzina la mwana ndi chaka chobadwa, kapena nambala ya foni, siichedwa kugwa.

WPA3 inalengezedwa mu 2018 kudzatseka khomo limeneli. Inabweretsa moni watsopano wotchedwa SAE umene umachitika moni wakale uja usanayambe, ndipo kiyi amene amatulukamo amakhala watsopano ulendo uliwonse. Amene wajambula mumphepo alibe choti akayesere kunyumba, akafuna kuyesa pasiwedi ayenera kufunsa rauta yeniyeniyo kamodzikamodzi, zomwe n'zochedwa kwambiri. Ndipo ngakhale atadzaidziwa pasiwediyo mawa, zimene anajambula dzulo sangazitsegule nayo. Ndi chinthu chabwino zedi, ine sindimauza munthu kuti WPA3 ndi yachabe.

Chachiwiri chimene WPA3 inabwera nacho ndi PMF, ndipo ichi anthu amachiiwala. Pa waifai pali timauthenga toyendetsera zinthu, monga kakuti "tuluka pa netiweki", ndipo kale timeneti tinkayenda poyera popanda chidindo, aliyense ankatha kunamizira kuti ndi rauta n'kukutulutsani. PMF imatiika chidindo. Lamulo lake, 802.11w, linatuluka kale mu 2009 koma opanga zipangizo ambiri sanalabadire poti silinali lokakamiza. Pa WPA3 n'lokakamiza.

Ndiye rauta ikakhala pa WPA3 yokha imalengeza mumphepo, kangapo pa sekondi iliyonse, kuti pano polowa ndi SAE basi ndipo PMF ndi yofunika. Chipangizo chakale chimamva chilengezocho, chimayang'ana m'thumba mwake, mulibe SAE, mwina mulibenso PMF. China chimayeserabe n'kukanidwa, china sichionetsa n'komwe dzina la netiwekiyo pamndandanda.

Ndidziwa bwanji kuti vuto ndi limeneli osati kuti chipangizocho changofa?

Yesani ndi hotisipoti ya foni, ndi mayeso a mphindi ziwiri ndipo sakuonongerani kanthu. Tengani foni ina, yatsani hotisipoti, mu setingi yake ikani chitetezo pa `WPA2-Personal` kapena `WPA2 PSK` ndipo bandi, kutanthauza mafunde amene waifai ikuulutsira, ikhale 2.4 GHz, kenako yesani kulowetsa chipangizo chovutacho. Chikalowa ndiye kuti waifai yake ndi yamoyo, vuto lili pa zimene rauta ikufuna. Chikakananso pamenepo, siyani kulimbana ndi rauta, vuto lili m'chipangizomo.

Koma samalani, pali vuto lina limene limafanana ndi ili ngati mapasa ndipo kawirikawiri amabwera tsiku limodzi, la bandi. Zipangizo zambiri zakale, ngakhale zatsopano zotchipa monga makamera ndi mapulagi oyatsa ndi foni, zimangomva 2.4 GHz. Ngati rauta yatsopano ikuulutsa pa 5 GHz pokha, chipangizocho sichiona dzina la netiweki mpang'ono pomwe. Ndiye lamulo langa ndi ili: dzina likuoneka koma chikukanidwa polowa, ganizani za chitetezo kaye. Dzina silikuoneka, onani kaye ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa, ikakhala yoyatsa ndiye mubwerere ku chitetezo. Chikalowa koma chakakamira pa `Obtaining IP address`, imeneyo ndi nkhani ina, chitetezo chadutsa kale pamenepo.

Pa laputopu ya Windows simufunikanso kulota, ifunseni yokha. Tsegulani `cmd` mulembe:

```
netsh wlan show drivers
```

Pa zimene zitulukezo fufuzani pamene palembedwa `Authentication and cipher supported in infrastructure mode`. M'munsi mwake muli mndandanda wa zonse zimene khadi lanu la waifai ndi dilaiva wake zimadziwa. Mukaona `WPA3-Personal` ndiye kuti laputopu imatha, vuto lili kwina. Mndandanda ukathera pa `WPA2-Personal` yankho mwalipeza. Pomwepo onaninso mzere wa `Radio types supported`, ukakhala ndi 802.11b, 802.11g ndi 802.11n zokha, nthawi zambiri khadilo ndi la 2.4 GHz yokha.

Ndi zipangizo ziti zimene zimatha WPA3?

Android inayamba kuidziwa pa Android 10, ya 2019, komabe foni yake iyenera kukhala ndi tchipu cha waifai chimene chimatha, ndiye pali mafoni otchipa a Android 10 ndi 11 amene alibe. Kwa Apple ndi iOS 13 kuyambira pa iPhone 7 kupita mtsogolo. Windows 10 inailandira pa mtundu wa 1903, koma apanso khadi ndi dilaiva ziyenera kulola. Windows 7 ndi 8 ayi. PlayStation 4 ayi. Tizipangizo tambiri totchipa ta m'nyumba timene mkati mwake muli tchipu cha ESP8266 nato ayi.

Wi-Fi Alliance inayamba kukakamiza WPA3 pa zipangizo zatsopano zofuna chiphaso mu Julaye 2020. Chaka chimenechi chikuthandizeni poganiza, koma chaka chake ndi chimene mtundu wa chipangizocho unapangidwa osati chimene munagula inu. Kwathu kuno malaputopu ndi mapulinta ambiri timagula ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja, ndiye munthu amati "koma ndagula chaka chatha chomwechi" pamene makinawo ndi a 2014. Tembenuzani muwerenge nambala ya mtundu wake pansi.

Ndaika pa WPA2/WPA3 yophatikiza, imene amati imalola zonse. Bwanji chikukanabe?

Funso ili ndi limene limapweteketsa mutu kwambiri, poti papepala siziyenera kuchitika. Setingi yophatikizayi, imene pa rauta imalembedwa `WPA2/WPA3-Personal` kapena `WPA2-PSK/WPA3-SAE` kapena `WPA3 Transition`, imalengeza njira ziwiri nthawi imodzi, yakale ndi yatsopano, ndipo PMF imakhala yosakakamiza. Chipangizo chakale chiyenera kungotola imene chikuidziwa n'kusiya inayo. Zambiri zimaterodi, ndiye yesani kaye imeneyi musanapite kutali.

Zikakana pali zifukwa zitatu zimene ndakumana nazo. Choyamba ndi pulogalamu yolembedwa mosasamala. Amene anailemba ankayembekeza kuti pachilengezo padzakhala njira imodzi yokha, ndiye ikaona ziwiri, ina yachilendo, imasokonezeka n'kuitaya netiweki yonse m'malo mongodumpha yachilendoyo. Zina zimasokonezeka ndi kachizindikiro kongonena kuti rauta imatha PMF. Izi simungazikonze inu, ndi za mkati mwa chipangizo.

Chachiwiri ndi PMF imene yatsalira pa kukakamiza. Marauta ena amaiika payokha, pansi pa dzina la `PMF` kapena `802.11w` kapena `Protected Management Frames`, ndi zosankha zitatu, `Disabled`, `Optional` kapena `Capable`, ndi `Required`. Munthu amabweza chitetezo pa yophatikiza, ngakhale pa WPA2 yeniyeni, koma iyi yatsala pa `Required`, ndiye chakale chija chikukanidwabe ndipo iye akuti ndabweza zonse koma sizikutheka. Ionetsetseni imeneyi.

Chachitatu n'chophweka koma chimagwira anthu ambiri: chipangizo chimasunga netiweki pamodzi ndi mtundu wa chitetezo chake, osati dzina ndi pasiwedi zokha. Mukasintha pa rauta, icho chimabwerabe ndi zimene chinasunga. Ndiye ulendo uliwonse mwasintha setingi, pitani pachipangizo mupange `Forget` kenako mulowe ngati koyamba. Pa Windows mutha kutero:

```
netsh wlan delete profile name="DzinaLaNetiweki"
```

Mukapanda kutero mayeso anu onse ndi abodza, mutha kudutsa setingi yolondola osadziwa.

Tandiuzani mmene munakonzerapo kwinakwake, mwatsatanetsatane

Panali shopu ina yosindikiza ndi kupanga fotokope, eni ake mayi ena achikulire ndithu. Rauta yawo yakale inapsa, mwana wawo anagula ina n'kuiika yekha, ndipo anachita mwanzeru, anaipatsa dzina ndi pasiwedi zomwe zija zakale kuti zinthu zingolowa zokha. Pofunsidwa za chitetezo anasankha `WPA3-Personal`. Mafoni awiri atsopano analowa. Pulinta yaikulu ya waifai, laputopu ya pakauntala ya Windows 10 ndi foni ya Android 7 ya mtsikana wogwira ntchito pamenepo zonse zinakana. Pamene ndimafika anali atasindikiza tsiku lonse ndi chingwe cha USB chochokera pa kompyuta imodzi, makasitomala ali pamzere, ndipo mayiwo anandilandira ndi mawu akuti "achimwene, pulintayi yatha basi, tiyambe kufunafuna ina?"

Ndinawapempha kuti asagule kanthu kaye. Ndinayatsa hotisipoti pa foni yanga pa WPA2 ndi 2.4 GHz, foni ya Android 7 ija inalowa nthawi yomweyo, laputopu nayo inalowa. Pa laputopu ndinalemba lamulo la `netsh` lija, mndandanda unathera pa `WPA2-Personal`, ndipo mawailesi ake anali b, g ndi n. Pulinta ndinaisindikizitsa lipoti lake la netiweki kuchokera pa mabatani ake, linasonyeza kuti dzina la netiweki ikuliona koma kulowa kwalephera. Zitatu zonse nkhani imodzi.

Ndinalowa mu rauta pa `192.168.0.1`, adilesi ndi pasiwedi ya woyang'anira zinali pa kapepala komata pansi pake, n'kusintha kupita pa yophatikiza. Titapanga `Forget`, foni ndi laputopu zinalowa. Pulinta inakanabe, ngakhale titaizimitsa n'kuiyatsa. PMF inali kale pa yosakakamiza, ndiye ndinadziwa kuti iyi ndi ija yosokonezeka ndi chilengezo cha njira ziwiri.

Ganizo loyamba linali kuiika pa netiweki ya alendo, `Guest Network`, yokhala ndi WPA2 yokha. Inalowadi, nyali yake inasiya kuphethira, koma laputopu sinkaiona, imangoti pulinta ili `Offline`. Chifukwa chake n'chakuti netiweki ya alendo inapangidwa dala kuti amene ali mmenemo azingofika pa intaneti koma asaone zipangizo za m'nyumba. Kwa kamera imene imatumiza zithunzi zake pa intaneti zimenezi n'zabwino kwambiri, koma pulinta ntchito yake yonse ndi kuonedwa ndi makompyuta a m'nyumba momwemo. Marauta ena ali ndi pochonga polola alendo kuona netiweki ya m'nyumba, iyi inalibe.

Ndiye tinagawa mabandi. Rautayo inali ndi setingi yophatikiza 2.4 GHz ndi 5 GHz pansi pa dzina limodzi, ambiri amailemba `Smart Connect`, ndinaithimitsa kuti bandi iliyonse ikhale ndi dzina ndi chitetezo chakechake. Ya 2.4 GHz ndinaisiyira dzina lakale lija, chitetezo `WPA2-PSK` ndi `AES`. Ya 5 GHz ndinaipatsa dzina latsopano ndi `WPA3-Personal`. Dzina lakale ndinalipereka kwa zakale dala, chifukwa kulemba pasiwedi pa foni yatsopano ndi masekondi pomwe pa pulinta ya timabatani tinayi ndi chintchito. Tisanamalize n'kukambirana pulinta inali italowa yokha, ndipo poti mabandi awiriwa ali pa netiweki imodzi ya m'nyumba, foni ya pa 5 GHz inatha kusindikiza bwinobwino.

Panatsala ziwiri. Laputopu inkafunabe pulinta pa adilesi yakale imene rauta yopsa ija inkaipatsa, ndiye tinaichotsa pulintayo pa Windows n'kuiikanso, kenako mu rauta ndinaisungira adilesi yake pansi pa `Address Reservation` kuti isamasinthe. Chinacho chinali pasiwedi, inali dzina la shopu ndi manambala anayi ndipo theka la makasitomala linkaidziwa. Ndinawauza mayiwo kuti khomo la WPA2 likhala lotsegula zaka, ndiye pasiwedi imeneyi isinthe lero lomwe, ndipo tinakhala pansi n'kuilemba yatsopano pa timabatani tija.

Apudeti singathandize? Kapena kugula kena kake kakang'ono?

Nthawi zina. SAE kwambiri ndi nkhani ya pulogalamu, ndiye wopanga atafuna atha kuiwonjezera, koma pa chipangizo cha zaka 8 kapena 10 ambiri anasiya kalekale kutulutsa maapudeti. Pa laputopu yesani dilaiva watsopano wa khadi la waifai kuchokera kwa amene anapanga khadilo, kenako mulembenso lamulo lija muone ngati `WPA3-Personal` yabwera. Ikapanda kubwera, kadongo ka waifai ka USB kamene pabokosi pake palembedwa WPA3 kamathetsa nkhani, bola Windows yake ikhale 10 ya 1903 kupita mtsogolo kapena 11. Pa Windows 7 kadongo sikathandiza pa nkhani ya WPA3.

Apudeti ya rauta nayo musaiiwale, makamaka ngati vuto lili pa yophatikiza, poti marauta oyambirira a WPA3 nawonso anali ndi zolakwika zawo.

Ndipo ngati chipangizocho chili ndi bowo la chingwe cha netiweki ndipo sichisuntha, monga pulinta, TV kapena PlayStation, chingwe ndiye yankho labwino kuposa onse. Pa chingwe palibe WPA iliyonse, palibe bandi, chimangogwira.

Ndikabwerera pa WPA2 ndiye kuti andibera data?

Osati choncho ayi. WPA2 yokhala ndi AES, njira yake yobisira data, sinasweke ngati mmene inaswekera WEP, chitetezo choyambirira cha waifai. Kufooka kwake kwakukulu pakhomo ndi kuja ndafotokoza, koyesera mapasiwedi kutali, ndipo mankhwala ake ndi kutalika kwa pasiwedi. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, anthu ambiri amaima pa 8 pomwepo. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chichewa ndi abwinonso, muwalumikize kuti zidutse zilembo 20, musaikemo dzina lanu, la shopu kapena nambala ya foni. Yotereyo woyesera atopa nayo.

Panalinso vuto lotchedwa KRACK limene Mathy Vanhoef anaulula mu 2017, lokhudza moni wa mauthenga 4 uja. Linakonzedwa ndi maapudeti, koma chipangizo chimene sichinalandirepo apudeti chiyambire chikhoza kukhala nalobe, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimakondera kuti zakale zikhale pakhomo pawo pazokha.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi ichi. Pa yophatikiza pasiwedi ndi imodzi ya njira zonse ziwiri, ndiye wakuba salimbana ndi WPA3, amangodikira chipangizo chakale chilowe ndi WPA2 n'kujambula moni wake, akaipeza pasiwediyo walowa. Mukagawa mayina, ikani mapasiwedi osiyana, mukaika imodzi mwabwerera pomwe paja. Komanso dziwani kuti mabandi awiri ogawidwa aja amafikitsa munthu m'nyumba imodzi, ndiye kulimba kwa netiweki yonse kumathera pa pasiwedi ya WPA2 ija. Chimene sichifunika kuonana ndi zinzake, chiikeni kwa alendo.

Batani la WPS lasiya kugwira, rauta yaonongeka?

Ayi. WPS, njira yolowetsa chipangizo pongodina batani osalemba pasiwedi, siyendera limodzi ndi WPA3, ndiye mukasankha WPA3 yokha rauta imaithimitsa, marauta ena amaithimitsanso ngakhale pa yophatikiza. Izi zimavutitsa eni mapulinta opanda sikirini amene njira yawo yolowera inali batani lomwelo. Ikani bandi ya 2.4 GHz pa WPA2, yatsani WPS, lowetsani pulinta, mukatha muithimitsenso WPS yo chifukwa njira yake ya PIN ya manambala 8 inadziwika kuti ndi yofooka kuyambira 2011.

Changa n'chakale kwambiri, ngakhale WPA2 chikukana. Nditani?

Apa ndiye tafika pa zipangizo za m'ma 2005 kubwerera m'mbuyo, zimene zimangodziwa WEP kapena WPA yoyamba ya 2003 yokhala ndi TKIP, njira yakale yobisira data imene inalipo WPA2 isanabwere ndi AES. Nintendo DS yoyamba ndi chitsanzo, imadziwa WEP yokha. Marauta ambiri atsopano anachotseratu WEP pa zosankha, ndipo anachita bwino, WEP inasweka kuyambira 2001 ndipo lero imatsegulidwa m'mphindi zochepa kaya pasiwedi ndi yotalika bwanji. TKIP nayo ili ndi mtengo wake wina: chimene chalowa ndi TKIP sichidutsa 54 Mbps, chifukwa malamulo a 802.11n kupita mtsogolo salola liwiro lapamwamba pa TKIP, ndipo mukaika rauta pa TKIP yokha ndiye nyumba yonse yatsika pamenepo. iPhone ikamalemba `Weak Security` pansi pa dzina la netiweki, kawirikawiri ikunena zimenezi.

Ine pamenepa sindilola kutsitsa netiweki ya nyumba yonse chifukwa cha chipangizo chimodzi. Chingwe ngati chilipo, kapena kadongo ka USB ngati ndi kompyuta, apo ayi rauta ina yakale yoyatsa nthawi yokhayo imene mukuchigwiritsa ntchito kenako n'kuizula pamagetsi.

Rauta yanga ikukana kundilola kusankha WPA2 pa bandi ina, bwanji?

Ngati ndi bandi ya 6 GHz, ya marauta a Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 7, imeneyo lamulo lake ndi WPA3 basi, WPA2 siloledwa kumeneko ndipo chipangizo chakale sichiimva n'komwe bandi imeneyo. Vuto limabwera pamene rauta yamanga mabandi onse atatu pansi pa dzina limodzi, ndiye chifukwa cha 6 GHz imakokera enawo ku WPA3 kapena ku yophatikiza. Agaweni mayina, kapena fufuzani setingi yotchedwa `IoT Network`, marauta ambiri atsopano ali nayo ndipo inapangidwira nkhani yomweyi, ndi dzina lapadera la 2.4 GHz ndi WPA2.

Ngati rautayo ndi ya kampani imene imakupatsani intaneti ndipo setingi zina n'zokhoma, aimbireni muwauze mawu awa ndendende: ndikufuna 2.4 GHz ikhale pa WPA2-PSK AES, PMF isakhale yokakamiza. Mukangoti waifai sikugwira adzakuuzani kuti muzimitse n'kuyatsa.

Ine ndilibe rauta, ndimagwiritsa hotisipoti ya foni kapena kamifai. Zimandikhudza?

Eya, ndipo masiku ano ndikukumana nazo kwambiri kuposa za marauta, munthu wagula foni yatsopano ndipo laputopu imene inkalowa pa hotisipoti ya foni yakale ikukana. Pa Android pitani mu setingi ya hotisipoti, pa `Security` musankhe `WPA2-Personal`, ndipo bandi ikhale 2.4 GHz, pa mafoni ena imeneyi imalembedwa `Extend compatibility`. Pa iPhone 12 kupita mtsogolo, mu `Personal Hotspot` muli `Maximize Compatibility`, iyatseni. Kamifai mumalowamo ndi bulawuza ngati rauta, tambiri ta Huawei adilesi yake ndi `192.168.8.1`, setingi yake ili pansi pa waifai pomwepo.

Mukasintha kamifai kapena hotisipoti kadzazima kamphindi n'kubwerera, zonse zimene zinali zolowa zidzatuluka, musadabwe. Dikirani dzina libwerere pamndandanda, pa laputopu pangani `Forget` kaye, kenako mulembe pasiwedi.